Ofesi ikangoti zii, wopempha intanishipu asadikire ngati mlendo

Pali nyengo pachaka imene mashopu ojambulitsa mapepala ku Limbe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Old Town mu Lilongwe amadzaza ndi achinyamata onyamula maenivelopu a khaki. Ena ndi ophunzira a ku MUBAS, LUANAR, UNIMA, MZUNI ndi MUST omwe akufuna malo a atachimenti kuti amalize maphunziro. Ena achokera m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Ena anavala kale gauni, ndipo akungofuna pogwira kuti kalata yawo yofunsira ntchito isamaoneke yopanda kanthu. Onsewa amasiya makalata awo pageti kapena kuwatumiza pa imelo, n'kubwerera kunyumba. Ikatha sabata yachitatu, yachinayi, yachisanu foni osalira, ambiri amachita chimene anaphunzitsidwa kuyambira ali ana. Amakhala pansi n'kumadikira kuti akuluakulu ayambe okha kulankhula.

Kudikira kumeneku kuli ndi aphunzitsi ake. Amalume amati usawatopetse mabwana, angakuone ngati wamwano. Amayi amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malangizowa amachokera mu mtima wabwino, koma pankhani ya intanishipu ndi olakwika, ndipo amene amavulala nawo ndi mwana wa munthu wosadziwika. Mwana wa bwana sadikira. Bambo ake amaimba foni imodzi madzulo, mawa lake kalata ija yapezeka, yachoka pansi pa mulu yafika pamwamba. Mwana wa mlimi wa ku Ntchisi alibe womuimbira. Chida chokhacho chimene ali nacho ndi kalata yaifupi yokumbutsa, yolembedwa mwaulemu, yopita kwa munthu woyenera pa nthawi yoyenera. Womuuza kuti asaigwiritse ntchito chifukwa cha ulemu akumulanda ngakhale kochepa komwe ali nako.

Mpikisano wake si wamasewera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Chaka chomwecho boma linayambitsa ndondomeko ya intanishipu ya omaliza maphunziro a ukachenjede kudzera ku unduna wa zantchito, ndi malo okwana 5,000 komanso kangachepe ka K80,000 pamwezi. Kuti boma lifike pochita zimenezo n'chifukwa chakuti mabwana olemba ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale, pamene malo ogwirirapo koyambawo ndi ochepa. Pamene ofunsira ali ambiri chotere, kalata yosayankhidwa si chinthu chachilendo. Chachilendo n'chakuti anthu amatanthauzira cheteyo ngati chigamulo.

Nthawi zambiri sichikhala chigamulo. Amene anakhalapo kuseri kwa kauntala amadziwa njira zimene kalata imasocherera. Enivelopu yosiyidwa kwa mlonda imagona m'kabati ya pageti mpaka mesenjala atakumbukira. Ikafika ku rejisitire imalowa m'faelo ya makalata osiyanasiyana chifukwa pamwamba pake sipanalembedwe dipatimenti. Imelo yotumizidwa ku adiresi yoyamba ndi `info@` imagwera m'bokosi limene amatsegula ndi munthu mmodzi, mwina kamodzi pasabata, pakati pa makalata a ogulitsa matayala ndi a opempha thandizo la mpira. Ikafika kwa woona za ogwira ntchito, iyeyo sangayankhe yekha. Ayenera kufunsa mkulu wa dipatimenti ngati akufuna wophunzira, ngati pali desiki ndi kompyuta, ngati pali womuyang'anira, ndiponso ngati mu bajeti muli ndalama ya transipoti. Mkuluyo ali ku msonkhano ku Mangochi. Akabwera apeza zina. Palibe amene wakana, palibenso amene wavomera, ndipo nkhani ya wophunzira, yomwe kwa iye ndi moyo wonse, kwa ofesiyo ndi pepala lomwe silikupsa.

Pepala losapsa limasuntha pokhapokha wina atalikhudza. Ntchito ya kalata yokumbutsa ndi imeneyo basi. Siisintha maganizo a bwana amene wakana kale, ndipo siipanga malo pomwe palibe. Imangochotsa kalata pagulu la zoiwalika n'kuiika pagulu la zofunika kuyankha.

Nkhaniyi imamveka bwino ikayendetsedwa pa munthu mmodzi. Pakhale mtsikana wophunzira zowerengera ndalama ku MUBAS, yemwe akufunika atachimenti ya miyezi itatu kuyambira mwezi wa June. Watumiza pempho lake pa imelo ku kampani ina ya ku Makata mu Blantyre pa 3 March. Kampaniyo sinalengeze malo, iye anangoyesa mwayi. Lafika tsiku la 28 March, palibe chamveka.

Asanalembe chilichonse, mtsikanayu ayambe wadzifufuza yekha, chifukwa chete wambiri amayambira kwa wotumiza. Atsegule `Sent` aone ngati imelo inapitadi, poti ndi netiweki yodukaduka ambiri amaipeza ili khale mu `Drafts` kapena mu `Outbox`. Aone adiresi chilembo ndi chilembo. Afufuze ngati panabwera uthenga wochokera ku `Mail Delivery Subsystem` wonena kuti `Address not found`, uthenga umene ambiri amaudumpha poganiza kuti ndi zachabechabe za pa intaneti. Atsegule mapepala omwe anamata. Kodi ndi PDF imodzi yooneka bwino, kapena ndi zithunzi zisanu ndi ziwiri zojambula ndi foni pabedi, china chozondoka? Kodi kalata yomudziwitsa yochokera ku koleji ilipo? Makampani ambiri sayang'ana pempho la atachimenti lopanda kalata imeneyo, ndipo salemba kuti aiitanitse. Kenako aone mu `Spam`, chifukwa yankho likhoza kukhala kuti linabwera kale. Pomaliza adzifunse za foni. Nambala imene ili pa pempho ndi ya TNM, koma mwezi wonsewu wakhala akugwiritsa ntchito Airtel chifukwa cha bandulo. Wolemba anthu ntchito amaimba kamodzi, mwina kawiri. Akamva kuti nambala siikupezeka amapita pa dzina lotsatira, ndipo palibe amene angamudzudzule.

Zonsezi zikakhala bwino, funso lotsatira ndi la nthawi. Ngati malo analengezedwa ndi tsiku lotsekera, kuwerenga kumayambira pa tsikulo osati pa tsiku limene munthu anatumiza. Wotumiza pa 3 pamene akutseka pa 21 sanadikire chilichonse pofika pa 22, chifukwa maenivelopu sanatsegulidwe n'komwe. Sabata ziwiri kapena zitatu chitsekereni ndiye nthawi yabwino. Ngati chilengezo chinanena tsiku limene adzayankhe, munthu adikire tsikulo lidutse ndi masiku angapo ogwira ntchito. Kwa mtsikana wathuyu, yemwe anangogogoda popanda chilengezo, sabata zitatu zakwana.

Koma 28 March si tsiku labwino lolembera ofesi ya zowerengera ndalama, ndipo wophunzira ntchito imeneyi ayenera kudziwa chifukwa chake. Kumapeto kwa mwezi anthu ali pa malipiro ndi kutseka mabuku. Msonkho wodulidwa pamalipiro umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo mafomu a msonkho wa VAT pofika pa 25. M'maofesi a boma, chaka chachuma chimatha pa 31 March kuyambira 2022, choncho masiku amenewo mitu imakhala itatentha. Kalata yofika pamenepo imawerengedwa ndi diso limodzi. Mtsikanayu achita bwino kudikira pang'ono n'kutumiza sabata yachiwiri ya April, Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa. Lolemba bokosi limakhala lodzaza ndi za kumapeto kwa sabata, Lachisanu masana maganizo a anthu amakhala atanyamuka kale. Ntchito iliyonse ili ndi kalendala yake yotere. Wofunsira ku makampani a fodya ku Kanengo adziwe kuti msika ukatsegulidwa cha mu April anthu sakhala pampando. Wofunsira ku fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa adziwe nyengo yogaya nzimbe. Wodziwa kalendala ya ofesi imene akufuna kulowa waonetsa kale kuti mutu wake uli pantchitoyo.

Kenako pali funso la munthu womulembera, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kukumbutsa ku adiresi yomwe ija ya `info@` ndi kuponya kalata yachiwiri m'dzenje lomwe munagwera yoyamba. Njira yake ndi kuimba foni ya paofesi, nthawi ya ntchito, n'kulankhula ndi wolandira alendo. Mawu ake ndi ochepa:

“Mwadzuka bwanji amayi? Ndine wophunzira wa ku MUBAS. Ndinatumiza pempho la atachimenti pa 3 March. Ndimafuna mundithandize, kodi amene amaona za ophunzira ndi ndani, ndipo ndingawalembere pa adiresi iti?”

Sakupempha kulankhula ndi bwana wamkulu, sakudandaula, sakufotokoza mavuto a kunyumba. Wafunsa chinthu chimene mayiyo angathe kuyankha ali pomwepo. Wolandira alendo, mlembi ndi kalaliki wa ku rejisitire ndi anthu amene achinyamata ovala tayi amawadutsa ngati mipando, chonsecho ndi amene amadziwa komwe kalata iliyonse yagona, ndi bwana uti ali patchuthi, ndi uti amawerenga imelo. Mtsikana amene wapereka moni wabwino kwa mayi wa pa kauntala, n'kufunsa dzina lawo ndi kuthokoza, amatha kumva zimene sizilembedwa paliponse: “Mwanawe, za ophunzira amaziona mu May, ulembenso koyambirira kwa mweziwo.” Chiganizo chimodzi chimenecho chaposa mwezi wathunthu wa kudikira.

Kalata yeniyeniyo, yomwe m'maofesi ambiri idzalembedwa m'Chingerezi, isapitirire mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Akaipeza adiresi ya munthu woyenera, mtsikanayu atsegule imelo yake yoyamba ija n'kudina `Forward`, osati `Reply`. Kusiyana kwake n'kwakuti `Forward` imanyamula mapepala omata aja, pamene `Reply` imawasiya. Wolandirayo aone zonse pamalo amodzi, tsiku loyamba, kalata ndi mapepala, osafunika kudzuka pampando kukafufuza. Pamutu pakhale dzina lake, mawu oti atachimenti ya zowerengera ndalama, ndi miyezi yake. Mkati mwake mukhale zotere:

“Bambo, ndine wophunzira wa chaka chachitatu wa zowerengera ndalama ku MUBAS. Pa 3 March ndinatumiza pempho la atachimenti ya miyezi itatu, kuyambira June mpaka August, ndipo ndalimatanso pano limodzi ndi kalata ya ku koleji. Ndimafuna kudziwa ngati linakupezani, komanso nthawi imene mumaona mapempho a ophunzira. A ku koleji akufuna kuti tikhale titawauza malo pofika kumapeto kwa mwezi uno. Ngati pali pepala lina lofunika, ndilitumiza tsiku lomwelo. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.”

Pansi pake dzina lonse ndi manambala awiri a foni, onse oyaka.

Chiganizo chilichonse m'kalatayi chili ndi ntchito. Tsiku limathandiza kufufuza. Miyezi imauza bwana kuti sakusenza munthu mpaka kalekale. Funso lake ndi loyankhika ndi mzere umodzi, “lafika, tidzaona mu May”, ndipo munthu wotanganidwa amayankha mafunso otere ali chiimire. Funso loti “kodi mwanditenga?” limafuna komiti, choncho limasiyidwa. Tsiku la ku koleji limapereka chifukwa chenicheni chofulumirira popanda kuopseza. Koma likhale loona. Wonama kuti koleji ikufuna yankho Lachisanu aiwala kuti woona za ogwira ntchitoyo mwina anaphunzira limodzi ndi mphunzitsi woyang'anira atachimenti, poti dziko lino anthu a ntchito imodzi amadziwana.

Zimene zasiyidwa n'zofunikanso. Mulibe “pepani pokuvutitsani” katatu. Mulibe nkhani ya umasiye, ya ngongole ya fizi kapena ya agogo odwala. Mavutowo ndi enieni, koma wowerenga alibe mphamvu pa iwo, ndipo kalata yolira imamuchititsa manyazi, munthu wamanyazi sayankha. Mulibenso kamwano kobisika kamene achinyamata ena amati ndi kulimba mtima, monga “ndakhala ndikudikira kwa mwezi wathunthu osamva kanthu”. Chiganizo chimenecho chimaika bwana pa mlandu, ndipo palibe amene amaitana womuzenga mlandu kuti adzakhale naye mu ofesi miyezi itatu.

Wosiya kalata ya pamanja ali ndi njira yake, yomwe imayamba tsiku loperekera. Apite ndi makope awiri, apemphe kuti imodzi aidinde chidindo cha tsiku lolandirira, abwerere nayo. Ku rejisitire ya boma, kaya ku Capital Hill kaya ku ofesi ya DC, chidindo chimenecho n'chimene chimasiyanitsa wofunsa zomveka ndi wongobwera kudzacheza. Akabwerera patatha sabata zitatu, aonetse kopeyo n'kufunsa kuti kalatayi inapita pa desiki ya ndani. Kalaliki akhoza kutsegula buku n'kuona. Wopanda kope amangouzidwa kuti “mubwerenso sabata yamawa”, ndipo adzabweradi, ndi ndalama ya minibasi yobwereka.

Tsopano pali WhatsApp, yomwe yawononga mapempho ambiri kuposa adani. Wachinyamata wapeza nambala ya bwana kwa msuweni wa mnzake. Nthawi ya 9 koloko usiku walemba “Moni bwana”, n'kudikira. Mawa lake “Bwana”. Mkucha chizindikiro cha funso chokha. Kenako uthenga wa mawu wa mphindi zitatu, kenako kuflasha. Timizere tiwiri tasanduka tabuluu, yankho palibe, mnyamata wakwiya ndipo walemba pa sitetasi za anthu odzikonda, kuiwala kuti bwanayo akhoza kuiona. Uku si kukumbutsa. Nambala ya m'thumba ya munthu ndi pakhomo pake, ndipo amafikapo ndi amene wapatsidwa chilolezo. Ngati bwana anapereka yekha nambalayo n'kunena kuti “undikumbutse”, uthenga ukhale umodzi wathunthu, wa masana, woyamba ndi dzina ndi komwe anakumana, wokhala ndi zonse zomwe zili m'kalata ija. Akatero aisiye foniyo.

Oona za ogwira ntchito ali ndi mbali yawo, ndipo ndi bwino kuimva. Amati chilengezo chimodzi chimabweretsa makalata odzaza katoni, ndipo aliyense akati aimbe foni ntchito ingaime. Amaloza mzere umene umakhala pansi pa zilengezo zambiri, wonena kuti okhawo osankhidwa ndi amene adzaitanidwe. Ena amaonjezera kuti wopezeka akunyengerera adzachotsedwa pa mndandanda. Mawu amenewa ndi oyenera kuwalemekeza monga alembedwera. Chilengezo chikati musaimbe foni, munthu asaimbe. Koma kufunsa ngati pempho linafika ndi kunyengerera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wonyengerera amafuna kukhotetsa chigamulo, amatuma amalume, amatchula kwawo kwa bwana, amalonjeza kanthu. Wokumbutsa amafunsa pomwe nkhani yafika, kudzera pa khomo la kutsogolo, m'mawu amene angawerengedwe pamaso pa aliyense. Chomvetsa chisoni n'chakuti mzere woletsa kunyengerera uja umaopseza ana aulemu okhaokha. Onyengerera enieni sauwerenga n'komwe, chifukwa nkhani yawo imathera ku bala kapena pa khonde la tchalitchi.

Ndipo dandaulo loti makalata ndi ochuluka likanamveka kwambiri zikanakhala kuti kuyankha n'kodula. Si kodula. Bokosi lililonse la imelo lili ndi poikira yankho lodzitumiza lokha, ndipo kulemba mizere iwiri yoti pempho lafika, osankhidwa adzamva pofika tsiku lakuti, amene sadzamva adziwe kuti sizinatheke, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kampani imene imalipira chikwangwani chachikulu pa msewu wa Chipembere chonena kuti imakonda achinyamata, koma singathe kulemba mizere iwiriyo, ilibe chifukwa chodandaulira mafoni. Mafoniwo yawaitana yokha. Ophunzira a atachimenti sakupempha zachifundo zokha ayi, ambiri amakagwira ntchito yeniyeni, kusanja mafaelo a zaka zambiri, kulowetsa manambala, kuyenda m'minda, pa ndalama yochepa kapena popanda ndalama n'komwe. Kuwauza tsiku ndi ngongole yaing'ono kwambiri imene ofesi ingabweze.

Pali mbali ina imene akulu olangiza za ulemu sakonda kuitchula. Kukumbutsa kumaika wachinyamata pafupi ndi munthu wamphamvu, ndipo si amphamvu onse amene ali ndi manja oyera. Mtsikana walemba mwaulemu, yankho labwera pa foni ya m'thumba: “Tikumane madzulo tikambirane bwinobwino, ku ofesi kumakhala anthu ambiri.” Mnyamata wauzidwa kuti faelo yake yapezeka, koma atumize kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti iyende. Palibe intanishipu yoona imene imagulidwa, ndipo palibe kuyesedwa kwa ntchito kumene kumachitikira ku loji. Lamulo loona za kufanana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pofuna chiwerewere, ndipo kupempha chiphuphu ndi nkhani ya ACB. Akuba ena si ogwira ntchito pamalopo n'komwe, amangotola manambala a ofunsira n'kumadzitcha mabwana. Ichi n'chifukwa china chokondera imelo ndi foni ya paofesi kusiyana ndi nambala ya m'thumba. Zolembedwa zimasiya mapazi, ndipo munthu wa zolinga zoipa amadziwa zimenezo. Yankho la mtsikana likhoza kukhala laulemu ndithu: “Zikomo bambo, ndingathe kubwera ku ofesi nthawi ya ntchito tsiku lililonse limene mungandiuze.” Bamboyo akazimiririka pamenepo, palibe malo amene atayika.

Nanga kalata yokumbutsa ija ikapita, nayonso n'kungoti zii? Mtsikana wa ku MUBAS adikire masiku khumi ogwira ntchito, kenako ayese kachiwiri podzera njira ina. Ngati poyamba analemba, tsopano aimbe pa foni ya paofesi n'kupempha munthu uja ndi dzina, kapena apite yekha ngati ndi pafupi, atavala bwino, ndi makope m'manja, wokonzeka kuyankha mafunso pompopompo. Zimachitika kuti bwana amati “lowa, tikuone”, ndipo wobwera atavala zopita kumsika amadandaula. Ulendo wachiwiriwu ukhale ndi kanthu katsopano ngati kalipo, zotsatira za mayeso zomwe zangotuluka, kalata ya mphunzitsi, kapena kuti akhoza kuyamba sabata ziwiri mofulumira. Kubwereza mawu omwe aja kumatopetsa, koma nkhani yatsopano imapereka chifukwa chotseguliranso faelo.

Kawiri n'kokwanira. Kachitatu dzina limayamba kudziwika molakwika, ndipo mayi wa pa kauntala uja, yemwe anali bwenzi, amayamba kunena kuti bwana atuluka ngakhale galimoto yawo ili panja. Apa ndi pomwe mlembi wa danga lino amasiyana ndi alangizi ena a masiku ano omwe amauza achinyamata kuti asatope, azigogoda mpaka chitseko chitseguke. Pali zitseko zina zimene kuseri kwake kulibe chipinda. Ofesi imene yalandira pempho, kalata yokumbutsa ndi foni, n'kukhalabe chete, yayankha mokwanira pa nyengo imeneyo. Nthawi ndi ndalama ya mayunitsi zipite kwina.

“Kwina” kumeneko kumayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi. Cholakwika chachikulu cha odikira si ulemu wokha, komanso kuika mtima wonse pa kampani imodzi yotchuka. Wofunsira malo asanu ndi atatu kapena khumi amalemba kalata yokumbutsa ndi dzanja losanjenjemera, ndipo zimaoneka m'mawu ake. Asunge tsamba limodzi m'kope: dzina la malo, tsiku lotumizira, njira, munthu amene analankhula naye, zimene ananena, tsiku lokumbutsira. Popanda tsambali, foni ikalira n'kumva kuti “tikuimba kuchokera ku kampani yakuti”, munthu amayamba kufunsa kuti ndi iti, ndipo mphindi yoyamba yaonongeka. Pa ndondomeko ya boma ija zinthu zimayenda mosiyana pang'ono. Maina amatuluka pa mndandanda nthawi imodzi, choncho kulembera mlembi wamkulu wa unduna sikufulumizitsa kanthu. Chothandiza ndi kutsatira zilengezo za unduna ndi kufunsa ku ofesi ya zantchito ya m'boma lakwanu ngati mndandanda watuluka ndiponso ngati dzina ndi nambala zinalembedwa bwino.

Wophunzira amene adakali pasukulu ali ndi munthu wina amene ambiri amamuiwala, mphunzitsi woyang'anira atachimenti mu dipatimenti yake. Iyeyu amadziwa makampani amene anatenga ophunzira chaka chatha, amene amalonjeza osachita, ndi amene ali ndi womaliza maphunziro a pa koleji yomweyo pa mpando wabwino. Foni yochokera ku koleji kupita ku kampani si kunyengerera, ndi ntchito imene mphunzitsiyo anapatsidwa. Koma iyenso ali ndi ophunzira ambirimbiri, ndipo amathandiza amene wabwera ndi nkhani yomveka. Wonena kuti “sakundiyankha” amauzidwa kuti apitirize kuyesa. Wonena kuti “ndinatumiza pa 3 March, ndinakumbutsa pa 9 April kwa bambo akuti, ndinaimba pa 24 April, kalata ndi iyi” amaona mphunzitsi akutenga foni.

Zikhoza kutheka kuti mtsikana uja apeze malo ku kampani ina yaing'ono ku Ginnery Corner, ya ku Makata idakali chete. Pamenepo patsala kalata imodzi, yomwe pafupifupi aliyense amaidumpha. Alembere bambo a ku Makata aja mizere itatu, kuwathokoza, kuwadziwitsa kuti wapeza malo kwina chaka chino ndipo pempho lake alichotse, ndi kunena kuti adzafunsiranso akamaliza maphunziro. Kalatayi imapulumutsa ofesi ku ntchito yosanja munthu amene sadzabwera, imatsegulira malo wophunzira wina, ndipo imasiya dzina lake mu bokosi la bamboyo pansi pa nkhani yomwe inatha bwino. Chaka chamawa akadzalemba zofunsira ntchito yeniyeni, adzadina `Reply` pa imelo yomweyo, kuti bamboyo aone pansi pake makalata onse atatu ndi masiku ake.